Tsamba likutseguka pa data koma pa waifai ya kunyumba ayi

"Anzanga a kuno ku Mulanje, thandizeni. Tsamba lomwe ndikufuna kufunsirapo ntchito likutseguka bwinobwino ndikayatsa data ya pafoni, koma pa waifai yathu kuno ku Chitakale likukanika. Masamba ena onse akutseguka. Rauta yake ndi ya simu khadi. Vuto lili pati?"

Achemwali, poti foni yomweyo ikutsegula tsambalo pa data, ndiye kuti foni ilibe mlandu ndipo tsamba likugwira ntchito. Kawirikawiri zimatsala ziwiri: rauta yanuyo kapena kampani imene ikukupatsani intaneti. Mwayi wanu ndi woti rauta yanu ndi ya simu, choncho kuzisiyanitsa n'kosavuta. Zimitsani rauta, tulutsani simu ija muiike mufoni, zimitsani waifai, kenako yesani tsambalo. Ngati foni yanu ndi ya masimu awiri, onetsetsani kuti data ikuchokeradi pa simu ya rauta, apo ayi mudzinamiza nokha.

Likakanikabe, vuto likuyenda ndi simu. Musanakwiyire kampani, onani kaye bandulo yomwe munagula. Pali mabandulo otsegula WhatsApp ndi Facebook basi, ngakhale kwa inu ndikukayika poti mwati masamba ena onse akutseguka.

Likatseguka, wolakwa ndi rauta, ndipo nthawi zambiri nkhani imakhala ya DNS. Mukalemba dzina la tsamba, foni imayamba yafunsa kuti nambala ya tsambalo ndi iti, ngati mmene mumafunsira njira kwa wakabaza mukatsika pa Luchenza. Pa waifai imafunsa rauta, pa data imafunsa kampani ya foni. Rauta ikayankha kuti dzinalo silikudziwika, kapena ikapereka nambala yabodza, foni imangogonja. Dzina likapanda kudziwika, chizindikiro chake pa Chrome ndi mawu akuti `DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN`.

Bwezerani simu mu rauta n'kuiyatsa, ndipo ngati muli ndi laputopu ya Windows, ilumikizeni ku waifaiyo, tsegulani Command Prompt, ndipo m'malo mwa `example.com` mulembe dzina la tsamba lanu:

```
nslookup example.com
nslookup example.com 8.8.8.8
```

Mzere woyamba ukufunsa rauta, wachiwiri ukulumpha rauta n'kukafunsa kwa Google. Tiyerekeze kuti woyamba wabweza `Non-existent domain` kapena `0.0.0.0`, pomwe wachiwiri wabweza nambala yeniyeni. Pamenepo mwamugwira: tsamba lilipo, koma amene rauta ikumufunsa akulibisa. Lowani mu rauta polemba pa Chrome `192.168.8.1`, `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1` (yolondola yalembedwa kunsi kwa rauta pamodzi ndi mawu olowera). Yang'anani `Parental Control` kapena `URL Filter` ngati zili zoyatsa, kenako onani pa `DNS`. Mukapezapo `1.1.1.3` kapena `208.67.222.123`, dziwani kuti wina anaika sefa yotetezera ana, ndipo masefa amenewa nthawi zina amatsekereza ndi masamba osalakwa omwe. Mukhoza kusintha n'kuikapo `8.8.8.8` kapena `1.1.1.1`, koma ngati pakhomopo pali ana, kambiranani kaye ndi amene anaikayo.

Marauta ena salola kusintha DNS. Zikatero sinthirani pafoni. Kuyambira pa Android 9 pali malo otchedwa `Private DNS`, lembanipo `dns.google`. Mukaphonya chilembo intaneti yonse imaima, ndiye mukaona choncho bwezerani pa `Automatic`. Njira imeneyi ndiyeseninso ngakhale vuto litakhala la simu, chifukwa DNS ya kampani nayo imatha kulephera pa dzina limodzi.

Komatu DNS si mankhwala a zonse. Ngati mizere iwiri ija yabweza manambala enieni koma tsamba likungozungulira mpaka kulemba `ERR_CONNECTION_TIMED_OUT` kapena `ERR_CONNECTION_RESET`, ndiye kuti dzina likupezeka koma njira yatsekeka penapake kutsogolo. Mukatsimikiza kuti sefa ya rauta yanu ija si imene ikutseka, izi n'za kampani. Aimbireni, muwauze dzina la tsamba, mawu omwe akutuluka, komanso kuti pa netiweki ina likutseguka. Mukangowauza kuti intaneti ikuvuta, adzakuuzani kuti muzimitse n'kuyatsanso basi.

Palinso pomwe tsamba lenilenilo ndi limene likukukanani. Mukaona `403 Forbidden` kapena `Access denied`, mwafika pakhomo koma akubwezani. Makampani a mafoni amatulutsa makasitomala ambiri pa nambala imodzi ya IP, ndiye wina akachita zosokoneza, eni tsamba amatseka nambalayo n'kupweteketsa ena onse. Apa kuzimitsa rauta kwa mphindi zochepa nthawi zina kumathandizadi, poti ikayaka imatha kupatsidwa nambala ina. Zikakanika, alembereni eni tsambalo.

Kabatani kakang'ono ka `Reset` kaja musakakhudze msanga. Kamafufuta dzina la waifai, mawu achinsinsi omwe munaika, ndiponso `APN`, dzina lomwe rauta imalumikizira ku kampani ya simu, ngati inalembedwa pamanja, moti mukhoza kutsala opanda intaneti ndi pang'ono pomwe. Yambani ndi kusamutsa simu, ndipo mutiuze mawu enieni omwe foni ikulemba. Pa nkhani ya ntchitoyo, tumizani kalata yanu lero lomwe pa data, tsiku lotseka lisakupitirireni mukulimbana ndi rauta.