Chuma cha wodwala sawerengera kuchipinda

"Agogo, amalume anga ku Ngabu adadwala sitiroko, tsopano sathanso kusiyanitsa K500 ndi K5,000. Foni yawo ndi PIN ndikusunga ndine. Nanga penshoni yawo ya kubanki ndingaitape bwanji?"

Mdzukulu wanga, wachita bwino kuwasamala amalume ako. Koma ukanayamba wafunsa kuti: adakupatsa foniyo ndani, ndipo padali ndani?

Mchimwene wanga atayamba kuiwalaiwala ku Bangula kuja, palibe adakhudza chingwe cha ng'ombe mpaka abale onse atakhala pansi pa mtondo. Mwinimbumba adalipo, alamu athu, ana, ndi nduna ya amfumu ngati mboni. Wodwalayo tidamuyalira mphasa pakati, m'mamawa dzuwa lisanakwiye, chifukwa ndi nthawi imene mutu wake unkakhala bwino. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri tidazitchula imodziimodzi ndi maanga ake, iye akugwedeza mutu. Pa ya mathothomathotho adakana, akuti imeneyo ndi ya mlongo wathu, adangomusungira. Tikanamusiya m'nyumba, bwenzi titagulitsa ng'ombe ya mwini.

Tsiku lomwelo tidasankha anthu awiri. Wina wosunga ndalama, wina wosunga kope, ndipo asakhale a khomo limodzi. Tikagulitsa mbuzi, mtengo ulowe m'kope. Mankhwala, njinga ya kabaza yopitira kuchipatala, thumba la mapira, zonse zilembedwe ndi tsiku lake. Mwezi ukatha kopelo linkawerengedwa mokweza pakhonde, mwini chuma akumva. Tinkalikulunga m'jumbo n'kulipachika kudenga, ndiye chifukwa chake madzi a 2015 sadalipeze.

Inu a masiku ano khola lonse lili m'thumba la buluku, mumatsegula ndi chala usiku anthu atagona. Sindikuti ndiwe wakuba, ayi. Kuba kwake kumayamba ndi "ndingobwerekako ya mayunitsi, ndibweza pakutha pa mwezi." Ukadzaona kuti malisiti akusowa, kapena wayamba kupsa mtima azakhali ako akafunsa zotsala, udziwe kuti zayamba. Mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money usafufute, uziwakopera m'kope.

Za kubankizo, usayerekeze kusaina m'malo mwawo kapena kuwagwira chala n'kudinda pa pepala limene sakulimvetsa. Umenewo ndi mlandu. Kalata yopatsa wina mphamvu munthu amasaina nzeru zikadalipo, ndiye zikachoka njira ndi ya kukhoti. Yamba ndi kalata ya dokotala yofotokoza mmene matendawa akhudzira mutu wawo, upite nayo kubanki pamodzi ndi chiphaso chawo ndi chako, akuuze zimene akufuna. Kalata ya amfumu imathandiza kusonyeza kuti banja lagwirizana, koma payokha siitsegula akaunti. Ngati ya loya palibe, funsa a Legal Aid.

Ndipo akazi awo ali kuti pa nkhani yonseyi? Sunawatchule n'komwe. Kaya kwanu n'kwa Amang'anja kumene mphwake amamveka mawu, kaya n'kwa Asena kumene adalowola, amene amachapa zofunda za wodwalayo ndi iwowo. Loweruka lino itana anthu, foniyo uiike pamphasa, mayiwo akhale pafupi ndi amuna awo.