Bajeti ya filimu yaifupi imachokera mu sikiripiti

"Ndine mtsikana wa chaka chomaliza ku koleji. Ndikupempha thandizo la ndalama zojambulira filimu ya mphindi 12, ndipo fomu ikufuna kuti ndiphatikizepo bajeti yatsatanetsatane. Ndiyambire pati, poti sindinapangepo?"

Chemwali, yambirani pa sikiripiti yanu, osati pa ndalama zimene opereka thandizo alengeza. Ambiri amatenga ndalamazo n'kuzigawa mongoyerekeza, zakutizakuti za kamera, zakutizakuti za mayendedwe. Wowerenga amene anajambulapo filimu amazindikira msanga, chifukwa manambala onse amakhala athunthu ndipo sasonyeza kumene achokera.

Tsamba limodzi la sikiripiti limatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndiye yanu ili ndi masamba ngati 12. Gulu laling'ono likamajambula masamba 4 patsiku, mufunika masiku 3. Werengani chigawo chilichonse ndi cholembera m'manja: muli anthu angati, akujambulira kuti, ndi masana kapena usiku, agwira chiyani, avala chiyani. Chigawo chimodzi cha usiku chimabwera ndi magetsi ojambulira, mwina jenereta ndi mafuta ake, komanso galimoto yokatula anthu kwawo. Malo akachuluka, masiku nawo amachuluka, popeza kusamutsa zida kumatha maola angapo. Ndalama zikapanda kukwana, bwererani ku sikiripiti mukachepetse malo kapena zigawo za usiku. Musachepetse manambala a pa bajeti nkhani ili chomwecho.

Mzere uliwonse uonetse masamu ake: chiwerengero, masiku, mtengo wa chimodzi, kenako zonse pamodzi. Tiyerekeze kuti muli ndi azisudzo 3 ndi ogwira ntchito 7. Musangolemba kuti "chakudya". Lembani kuti anthu 10, masiku 3, kawiri patsiku, mbale 60, kenako mtengo wa mbale imodzi. Kamera muiwerengere masiku 4 ngakhale mukujambula 3, chifukwa muyenera kuitenga tsiku loti mawa lake muyamba kuti muiyese. Mitengoyo funsani kwa eni zida, akulembereni papepala, ndipo pepalalo muliphatikize ngati fomu ikulola.

Pamene ophunzira ambiri amagwa ndi pa ntchito ya pambuyo pojambula. Ndalama zonse zimathera pa kamera, kenako zithunzi zimakhala mu kompyuta miyezi ndi miyezi, wozilumikiza palibe. Pa filimu ngati yanu ndingaike masiku 10 a wolumikiza zithunzi, 3 a wokonza mawu, 2 a wokonza mitundu, kuphatikizapo mawu omasulira olembedwa pansi pa zithunzi ngati filimuyo ikaonetsedwa kwa anthu a chinenero china. Ikaninso mahadi dilaivi awiri, kuti imodzi ikafa ntchito isafere limodzi. Nyimbo ya munthu wina imafuna chilolezo cholembedwa, ndipo nthawi zambiri cholipira. Za mawu ndikukupemphani ndithu: lembani munthu wojambula mawu ndi maikolofoni ake payekha. Oonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zimene azisudzo akunena amasiya kuonera, ndipo mawu ojambulidwa moipa amavuta kwambiri kukonza.

Mukamaliza, onani mmene zagawikira. Kwa ine, pa 100 iliyonse, pafupifupi 10 ipite kokonzekera, 50 kojambula, 25 ku ntchito ya pambuyo, 5 kotumiza filimu ku zionetsero, ndipo 10 isungidwire zogwa mwadzidzidzi monga mvula kapena kudwala kwa wazisudzo. Si lamulo, koma ngati ntchito ya pambuyo ili pa 5, dziwani kuti pali zimene mwaiwala.

Bajeti ilinso ndi mbali ya kumene ndalama zichokere, ndipo mbali ziwirizi ziyenera kufanana ndendende. Ngati koleji ikubwerekani kamera mwaulere, musaisiye kunja. Lembani mtengo wake wa hayala kumbali ya zowononga, mulembenso womwewo kumbali ya zolowa, monga thandizo la zida. Mwachitsanzo, pa 100 ya filimu yonse, 70 ndi imene mukupempha, 20 ndi zida ndi malo aulere, 10 ndi yanu. Pa chilichonse sonyezani ngati n'chotsimikizika kapena mukudikira yankho, ndipo mukhale ndi kalata ya koleji yovomereza za kamerayo.

Musanatumize, werenganinso malamulo a opereka thandizowo. Ena salola kugula zida, amalola hayala yokha, ndipo ambiri salipira zimene munawononga thandizo lisanavomerezedwe. Ngati amalola malipiro a wotsogolera filimu, dziikenipo, ngakhale pang'ono. Kenako ikani bajeti pambali pa kalata yofotokoza filimuyo: ngati kalata ikunena masiku 3 koma bajeti 5, kapena ikutchula khamu la anthu limene mu bajeti mulibe, konzani. Tsamba loyamba likhale lachidule, la mitu ikuluikulu yokha, tsatanetsatane atsatire. Mudzafunsidwa malisiti a mzere uliwonse, choncho musalembe chinthu chimene simudzatha kuchipezera lisiti kapena siginecha ya wolandira.