Chiyambi cha kalata yofunsira ntchito

"Achemwali, tandionerani kalata yanga yofunsira ntchito yoyang'anira katundu ija. Ndayamba chonchi: 'Ndikupempha modzichepetsa kuti mundiganizire pa ntchito imene mwalengeza. Ndine munthu wolimbikira, wokhulupirika komanso wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga.' Ndikuopa kuti ndikawonjezera zina ndioneka wodzitama."

Eee, mng'ono wanga, ndaiona. Ndingojambula mawu, kulemba kungandichedwetse.

Usakhumudwe, koma kudzitama ukukuopako kuli kale m'mizere yakoyi. Ukati "ndine wolimbikira, ndine wokhulupirika", ukudzichitira wekha umboni. Wakuuza ndani? Ndipo ndani angalembe kuti ndine waulesi? Wowerenga makalatawa ali ndi mulu patebulo, onse olimbikira, onse okhulupirika. Maso ake amangodumpha pamenepo. Kenako "modzichepetsa" uja akukuika ngati munthu wopempha chithandizo, chonsecho iwowo ndi amene alengeza kuti akusowa munthu. Ufufute mawu amenewo. Ulemu uli kale m'malonje ako ndi m'kalembedwe kaukhondo.

Tsono m'malo mwake uikemo chinthu chimodzi chimene unachitadi. Ukukumbuka zimene unkandidandaulira chaka chatha? Kuti kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi kunkakutengerani masiku atatu, mpaka kuweruka usiku, chifukwa zonse zinali m'kaundula wolemba pamanja ndipo makatoni anali osakanikirana. Iwe n'kumata manambala pa mashelefu onse, n'kusamutsira kaundula uja mu Excel, ntchito n'kumatha tsiku limodzi. Nanga bwanji zimenezo mulibe m'kalatamu? Chiyambi chako ndi chimenecho.

Tamvera mmene ndingalembere ine:

"Ndikufunsira ntchito yoyang'anira katundu imene mwalengeza. Ndagwira ntchito yotereyi kwa zaka zitatu. Kumene ndili pano ndinaika manambala pa mashelefu ndi kusamutsira kaundula wa katundu mu Excel, ndipo kuwerenga katundu kwa mwezi ndi mwezi, kumene kunkatenga masiku atatu, tsopano kumatha tsiku limodzi."

Basi. Wamva? Mulibe mawu oti "wolimbikira", koma wowerenga aona yekha kuti waulesi sangachite zimenezo. Muli zinthu zitatu zokha: mmene zinalili, chimene unachita, ndi mmene zilili tsopano. Chimodzi chikasowa, chiganizo chimafooka. Ukangoti "ndinasamutsira kaundula mu Excel", afunsa kuti ndiye zinathandiza chiyani. Ukangoti "tsiku limodzi" osatchula atatu aja, sadziwa ngati n'zachangu kapena ayi.

Malire a kudzitama ndimawayeza chonchi: yerekeza kuti aimbira foni abwana ako n'kuwawerengera chiganizocho. Kodi avomera kuti inde, zinaterodi? Akavomera, si kudzitama, n'kunena zoona. Koma ukalemba kuti "ndinasinthiratu kampani yonse", kapena "palibe wina wodziwa ntchitoyi ngati ine", abwana aja aseka, ndipo ofunsawo pa intaviyu adzakupanikiza pomwepo.

N'chifukwa chake nambala usaipeke. Ngati nthawi zina munkatha masiku awiri, nthawi zina atatu, lemba "awiri kapena atatu". Ndipo usaikemo ndalama zimene kampani yanu imapeza kapena kuluza, zimenezo n'zachinsinsi chawo. Masiku, maola, kuchuluka kwa mashelefu kapena mitundu ya katundu, n'zokwanira.

China, samala ndi "ndina-" ndi "tina-". Ine ndinapsa nazo kale. Pa ntchito ina ndinalemba "ndinachita" pa chinthu chimene tinagwira anthu anayi, ndiye atandifunsa mbali imene anagwira mnzanga, ndinangoti kakasi, thukuta kamukamu. Ngati zomata manambala munachitira limodzi ndi mnzako uja, lemba kuti "pamodzi ndi mnzanga tinaika manambala", kenako "ine ndinakonza kaundula wa mu Excel". Koma usathawirenso mu "tina-" paliponse chifukwa cha manyazi, ayi. Akulemba ntchito iweyo, osati gulu lonse.

Aa, ndinatsala pang'ono kuiwala. Bwereranso pa chilengezo chawo chija, uone chimene atchula koyamba. Ngati akulira za katundu wosowa, osati za kuchedwa, ndiye yamba ndi nkhani ija yoti unayambitsa zosainitsa aliyense wotulutsa katundu, za masikuzo zibwere m'ndime yachiwiri. Usazipanikize zonse pachiyambi, chimodzi chokha.

Ukailemba m'Chingelezi chimango chake n'chomwechi. Ilembenso usiku uno, uiwerenge mokweza kamodzi, pamene lilime likukodwa pafupikitse. Kenako unditumizire pamodzi ndi chilengezocho, ndiiona mawa m'mawa ndisananyamuke.