Makina ochapira: Quick, Pre-wash, Extra Rinse ndi Sensitive zikusiyana pati?

"Anzanga thandizeni. Ndili kwa Dedza pa boma, achimwene anditumizira makina ochapira a makilo 7 otsekulira kutsogolo aja, koma kabuku kake kalibe. Ndimangoika pa Quick poopa mayuniti, koma mayunifolomu a ana akutuluka ndi litsiro m'kolala, komanso mwana wamng'ono wayamba kudzikanda. Nanga Pre-wash, Extra Rinse ndi Sensitive n'zachiyani? Sopo wabwino ndi uti?"

Achemwali, makinawo ndi abwinobwino, musaitane mmisiri. Vuto ndi Quick yemweyo. Amene angakuuzeni kuti muonjezere sopo akukusocheretsani, mukatero mwana azidzikanda kuposa pano.

Quick sikuti makina amachapa mwamphamvu kuti amalize msanga ayi. Amangodula gawo lililonse. Nthawi yozungulira ndi sopo imachepa, kutsukuluza kumachepa, kukamula nakonso kumakhala kwakanthawi. Pa mphindi ngati 15 zimene Quick imatenga chotsanipo zothira madzi, zowatulutsa, zotsukuluza ndi zokamula, muona kuti zovala zakhala mu sopo mphindi zowerengeka chabe. Anaipangira zovala zochepa, makilo awiri kapena kucheperapo, ndiye kuti timalaya tisanu kapena tisanu ndi kamodzi ndi timasokosi, zimene mwangovala kamodzi ndipo zilibe banga. Makilo 7 olembedwa kutsogolowo ndi a Cotton, pulogalamu yochapira zovala za thonje, si a Quick. Mukadzaza dilamu n'kuika pa Quick, zovala zapakati zimangonyowa basi.

Ndiye pali nkhani ya kuzizira kwa kuno. Tiyerekeze kuti ndi m'mawa wa Julayi, madzi a pampopi ali pa madigiri 12, makina atenga malita 10 ochapira. Hita ya makina ambiri imakhala ya mawati pafupifupi 2000, ndipo kuti madzi amenewa afike madigiri 40 pamafunika mphindi ngati 10. Quick ya mphindi 15 ingazipeze kuti? N'chifukwa chake imachapa ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono. Sopo waufa m'madzi otere sasungunuka yense, ndipo mafuta a thupi amene agwira m'kolala sasuntha. Popeza kutsukuluza n'kochepa, sopo uja amatsalira m'nsalu. Mungadziwe poona zovala zakuda zikauma: zimakhala ndi timizere toyera m'mapindiro, thawulo limauma gwa ngati chikumba. Viikani kamalaya ka mwanayo kochapachapa m'beseni la madzi oyera n'kukafinya. Madzi akachita mbuu kapena thovu, mwapeza choyamba kukayikira. Koma totupa tikapitirira mutasintha kachapidwe, pitani naye kuchipatala, si kuyabwa konse kumene kumachokera ku sopo.

Za mayuniti musaope kwambiri. Kutenthetsa malita 10 aja kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti imodzi. Chimene chimadya magetsi m'makina ndi hita, injini yozunguza dilamu imadya pang'ono, choncho kutalika kwa nthawi sindiko kumaliza mayuniti. N'chifukwa chake Eco, pulogalamu yopulumutsa magetsi, imatenga maola atatu kapena kuposa koma n'kudya magetsi ochepa, imalola sopo kugwira ntchito nthawi yaitali m'madzi osatentha kwambiri. Kuchapa kawiri pa Quick chifukwa koyamba sizinayere ndiye kuononga madzi ndi sopo komwe.

Pre-wash ndi kuchapa kwakung'ono koyambirira, mphindi ngati 15 kapena 20, kawirikawiri ndi madzi ozizira. Makina amataya madzi akuda aja, kenako n'kuyamba kuchapa kwenikweni ndi madzi atsopano. Ntchito yake ndi matope ndi fumbi: maovololo obwera nawo kumunda wa kachewere, masokosi a mwana amene wasewera mpira pa katondo nthawi ya dzinja, matewera mutachotsa kaye chimbudzi. Popanda Pre-wash zovala zotere zimazungulira ola lonse m'madzi amatope, ndipo zoyera zimatuluka zofiirira. Koma litsiro la m'kolala silimva Pre-wash, chifukwa lija ndi mafuta. Pakani sopo wamtanda pakolalapo, tikitani pang'ono, kenako Cotton pa madigiri 40.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa kadilowa ka sopo. Kali ndi zipinda zitatu. Cholembedwa I ndi cha Pre-wash, cholembedwa II ndi cha kuchapa kwenikweni, chokhala ndi chizindikiro cha duwa ndi cha mankhwala ofewetsa zovala. Musadalire kuti chili kumanzere kapena kumanja, werengani chizindikiro. Mukathira sopo mu I koma osadina Pre-wash, makina ambiri samutenga n'komwe, zovala zichapidwa ndi madzi okha, sopo mum'peza ali phee wauma. Mukadina Pre-wash, mu I thiranimo pang'ono, ngati kota ya muyezo wanu, wotsalayo mu II. Ndipo pamenepa gwiritsani waufa, chifukwa wamadzi amatha kuyenderera m'dilamu nthawi isanakwane n'kutayidwa ndi madzi oyamba aja. Matope ouma kutumulani kaye panja. Mchenga ndi timiyala zimakathera m'sefa ya pampu, kuseri kwa kachitseko kapansi kutsogolo kuja, ndipo tsiku lina makina adzangoima madzi ali tho.

Extra Rinse sichapa. Imangoonjezera kutsukuluza kumodzi, malita ngati 10 mpaka 20 ndi mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono, hita osayaka. Kwa mwana wanuyo batani lake ndi limeneli, pamodzi ndi kuchepetsa sopo ndi kuyamba mwasiya zofewetsa zonunkhira zija, chifukwa zimenezo zimalowa m'madzi omaliza ndipo zimatsalira m'nsalu mwadala. Imathandizanso pa matawulo ndi mabulangete amene amasunga thovu. Ngati madzi kwanu ndi ovuta, musaidine pa chilichonse. Mukaona thovu pagalasi makina akutsukuluza komaliza, chepetsani sopo, osati kuonjezera madzi.

Sensitive ndiye yosokoneza, chifukwa makampani sagwirizana tanthauzo lake. Kwa ena ndi ya khungu losachedwa kuyabwa, kwa ena ndi ya nsalu zosalimba. Popanda kabuku, potokolani pa Sensitive n'kuwerenga manambala amene akuoneka musanadine Start. Mukaona madigiri 60 kapena 40 ndi nthawi ya maola awiri kapena kuposa, imeneyo ndi ya khungu, yofanana ndi Baby Care kapena Allergy: madzi amakhala ambiri, otentha nthawi yaitali, kutsukuluza kochuluka. Pamenepo kudinanso Extra Rinse n'kungotaya madzi. Mukaona madigiri 30, kukamula kozungulira maulendo 600 kapena 800 pa mphindi ndi nthawi yosakwana ola, ndi ya nsalu, yofanana ndi Delicates. Dilamu imagwedezeka pang'ono n'kupumira, ndipo muikemo zovala zosapitirira theka. Mukasokoneza ziwirizi, juzi ya ubweya ya kaunjika ituluka yokwana chidole, kapena matewera atuluka momwe analowera. Dziwaninso kuti kukamula kwa 600 kumasiya zovala zonyowa ndithu, ndipo ndi nkhungu ya kuno zikhoza kugona pachingwe n'kuyamba kafungo.

Mayunifolomu: Cotton pa 40, dilamu osaidzaza thi, pazitsala mpata wolowa dzanja pamwamba pa zovala, Pre-wash pokhapokha ali ndi matope. Za mwana: Cotton pa 40 ndi Extra Rinse, matewera ndi zofunda za thonje pa 60. Quick isiyireni malaya amene mukufuna kuvala mawa, sopo theka la muyezo.

Kamodzi pamwezi yendetsani makina opanda zovala pa 60 kapena 90, ndipo mukamaliza kuchapa chitseko muzichisiya chotsekula pang'ono. Makina ongoyenda pa Quick labala yake ya pachitseko imachita nkhungu yakuda, ipindeni muone m'kati mwakemo.