Alamu ya madzulo ndi malire a ndalama za pamwezi

"Zikomo achimwene. Ndimakhala ku Chilomoni, ntchito ndimagwira ku Limbe. Ndimalandira K450,000 pa 27. Ndinatchera alamu yondikumbutsa kulemba zomwe ndagula tsiku lililonse, ndipo ndimalembadi, koma pofika pa 15 ndimapezeka kale ndikukongola. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, alamuyo ilibe mlandu. Ndikuganiza kuti vuto lili pa nambala imene mumayerekeza nayo mukatha kulemba. Mukamayang'ana K450,000 yonse, madzulo aliwonse muziona ngati zinthu zili bwino, pomwe gawo lalikulu la ndalamayo lili ndi eni ake kale.

Tsiku lolandira, chotsani kaye zonse zimene simungazithawe. Ndingoyerekeza, inu muikepo zanu zenizeni: lendi K120,000, mayunitsi a ESCOM ndi madzi K35,000, banki m'khonde K40,000, amayi kumudzi K30,000, ufa, mafuta, shuga ndi sopo wa mwezi wonse K75,000. Zonsezi ndi K300,000. Yotsala ndi K150,000, ndipo amenewo ndiye malire anu enieni, a minibasi, ndiwo, makala, bando ndi nkhomaliro. Kugawa ndi masiku 30, ndi K5,000 patsiku. Mwezi wanunso uziyamba pa 27, osati pa 1.

Koma K5,000 imeneyo si yokhazikika, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Tinene kuti padutsa masiku 10 ndipo mwawononga K68,000. Mukayerekeza ndi K150,000 mtima umakhala m'malo, poti simunafike n'komwe pa theka. Tsopano werengani chonchi: yatsala K82,000, masiku atsala 20, ndiye kuti kuyambira mawa muli ndi K4,100 patsiku. Mukapitiriza liwiro lomwelo la K6,800 patsiku, ndalamayo itha pakangodutsa masiku 12, kutatsala sabata yathunthu ndi tsiku kuti mulandire. Choncho alamu ikalira, funso likhale limodzi: yotsala kugawa ndi masiku otsala, ndi zingati? Nambalayo ikamatsika masiku atatu otsatizana, dziwani kuti penapake pakudontha, ndipo nthawi yokonza ikadalipo. Pa 15 ndi mochedwa.

Kope ndi kakyuleta ya pafoni n'zokwanira. Ngati mumakonda Google Sheets, tsiku lilowe mu A, chinthu mu B, ndalama mu C, deti lonse la tsiku lomaliza musanalandire, ndi mwezi ndi chaka chomwe, mu E1, kenaka mu E2 mulembe:

```
=(150000-SUM(C:C))/(E1-TODAY())
```

Tsiku lomalizalo idzalemba #DIV/0! chifukwa masiku atha, musadabwe nazo.

Nanga alamuyo imalira nthawi yanji? Ikamalira 5 koloko, muli mu minibasi pa Ginnery Corner mwapanikizana anayi pampando, mungoizimitsa basi. Itchereni cha m'ma 8 usiku, mutadya, mbale zitatsukidwa, pomwe kugula kwa tsikulo kwatha ndithu. Tsiku limene simunagule kanthu lembani 0. Mukasiya mzere wopanda kanthu, pakutha pa sabata simudzadziwa ngati munaiwala kapena munapiriradi.

Chinanso chimene chimasokoneza mawerengero ndi ndalama za pafoni. Airtel Money ndi Mpamba amatumiza uthenga pa chilichonse chimene mwachita, ndiye zimenezo n'zosavuta, mungotsegula mauthenga a tsikulo n'kukopera. Koma kutapa K20,000 kwa ejenti si kugula. Ndalamayo yangochoka mufoni n'kulowa m'chikwama. Mukailemba, kenaka n'kulembanso tomato ndi usipa zomwe mwagula ndi ndalama yomweyo, mwawerenga kawiri, ndipo kope likayamba kunama munthu amalitaya. Lembani yokhayo imene akudulani potapa. Imeneyo ndiye yapitadi, ndipo mukaiphatikiza mwezi wonse mudzayamba kutapa kamodzi m'malo mwa katatu.

Ndalama yapamanja ndiye yovuta, chifukwa kondakitala sapereka lisiti, ngakhalenso mayi wa zitumbuwa kapena mnyamata wa pachiwaya. Njira yake ndi kuwerenga zotsala m'chikwama. Munadzuka ndi K12,000, masana munatapa K20,000, usiku mwapeza K23,500. Ndiye kuti yatuluka K8,500. M'kope mwakumbukira za K6,300 zokha. K2,200 yosowayo musaisiye, ndipo musamalimbane nayo mpaka pakati pa usiku. Ilembeni kuti "zosadziwika" ndipo ichotsedwe pa malire monga zina zonse. Ine mzere umenewu ndimaukhulupirira kuposa ina yonse. Ukamakula sabata ndi sabata, kawirikawiri mumakhala kabaza wa masiku ochedwa kudzuka, kapena timabando ta tsiku limodzi togula mobwereza.

Maliro, ukwati kapena matenda zikakugwerani pakati pa mwezi, musakweze malire kuti kope lioneke bwino. Lembani ndalamayo, nambala ya patsiku itsike, muone ngati yotsalayo ikukwanabe minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerera komanso ndiwo. Ikapanda kukwana miyezi iwiri yotsatizana popanda zogwa mwadzidzidzi, ndiye kuti K150,000 ija ndi yochepa pa moyo wanu, ndipo m'pofunika kubwerera ku K300,000 ija kukaona chimene chingachepetsedwe.