Ndafika pa maonekedwe a masitepe, yankho ndiliona bwanji?

"Ndachepetsa matiriki anga mpaka afika pa maonekedwe a masitepe, eshiloni ija. Ndidziwa bwanji ngati yankho palibe, lilipo limodzi, kapena ndi osawerengeka?"

Achimwene, musathamangire kuwerenga mapivoti, yambani mwafufuza mzere wonama. Tengani matiriki awa a maikwezhoni atatu a x, y ndi z:

```
1  2  1 | 4
0  1  3 | 5
0  0  0 | k
```

Mzere wachitatuwo ukunena kuti 0 = k. Tiyerekeze k ndi 7. Ziro sangafanane ndi 7, ndiye yankho palibiretu, ngakhale mizere yapamwambayo ikongole bwanji.

Koma k akakhala 0, mzerewo sukunena kanthu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Tsopano werengani mapivoti, kutanthauza nambala yoyamba yosakhala ziro pa mzere uliwonse. Alipo awiri, m'danga la x ndi la y, pomwe zosadziwika zilipo zitatu. Danga la z lilibe pivoti, choncho z ndi womasuka. Mumpatse dzina, z = t, kenaka kwerani chobwerera: y = 5 − 3t, ndipo x = 4 − 2y − t = −6 + 5t. Nambala iliyonse mungaike pa t ikupatsani yankho lina, ndiye mayankho ndi osawerengeka.

Mzere wachitatu ukanakhala `0 0 2 | 6`, danga lililonse likanakhala ndi pivoti: z = 3, y = −4, x = 9. Limodzi basi.

Chenjeraninso, mzere wa maziro okhaokha paokha sutanthauza mayankho ambiri. Maikwezhoni atatu a zosadziwika ziwiri akhoza kusiya mzere wotere, mapivoti n'kukhala awiri, yankho n'kukhalabe limodzi.