Wandiuza kuti ndikatopa kudikira ndingomuuza: ndimulembere chiyani?

"Chibwenzi changa chinapita ku Glasgow, ku Scotland, mu Seputembala kukachita digiri yachitatu, ndipo akakhalako zaka 4. Masabata oyamba ankasangalala, koma tsopano mu Novembala wandilembera kuti, 'Ukaona kuti watopa kudikira ungondiuza, sindidzakuimba mlandu.' Ine sindinatope ndipo sindikufuna wina. Ndimulembere chiyani choti chimulimbitse mtima, akhulupirire kuti ndimudikira?"

Achimwene, mawu amenewo musawamve ngati chibwenzi chikutha. Munthu amene mtima wake wapita kwina kawirikawiri salemba choncho. Amangoyamba kuyankha mwachidule, amasiya kukufunsani za inu, ndipo nkhani za m'tsogolo amazilambalala. Wanuyu akufunsa funso limene akuopa kulifunsa mwachindunji: kodi ndidakali wako? Walikulunga m'mawu aulemu kuti yankho likakhala loipa lisamupweteke kwambiri.

Taonaninso nthawi imene walembera. Mwezi woyamba kunja munthu amakhala wotanganidwa ndi zachilendo, kupeza chipinda, kulembetsa ku yunivesite, kuphunzira misewu. Pofika mwezi wachitatu zachilendo zija zatha, watsala ndi ntchito ndi chipinda chopanda womulankhula. Ku Glasgow nyengo imeneyi masana amafupika kwambiri, moti pofika pakati pa Disembala dzuwa limatuluka nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Munthu amapita kusukulu kuli mdima, n'kubwerako kuli mdima, kukuzizira, mvula ikuwaza. Kuwonjezera apo, digiri yachitatu kumeneko si ya m'kalasi yodzaza ndi anzako. Nthawi yambiri amakhala yekha ndi mabuku kapena kafukufuku wake, n'kumakumana ndi mphunzitsi womuyang'anira mwa apo ndi apo, ndipo chakumapeto kwa chaka choyamba ntchito yake imaunikidwa kuti aone ngati apitirire. Ambiri pa nthawi imeneyi amayamba kudzikayikira, kumaona ngati anawasankha molakwitsa. Munthu wodzikayikira kusukulu sachedwa kudzikayikiranso pa chikondi. Amayamba kuganiza kuti akukutayitsani nthawi.

Choncho uthenga wanu uli ndi ntchito imodzi yaikulu, kumuchotsera mlandu umene wadzisenzetsa. Pachifukwa chimenechi ndikukupemphani kuti musadzaze kalatayo ndi madandaulo a kusungulumwa kwanu. Kunena kamodzi kuti mwamusowa n'koyenera, ndipo akufuna kumva zimenezo. Koma mukalemba kuti simukugona, simukudya, moyo ulibenso kukoma chichokereni iye, inu mukuona ngati mukusonyeza kukula kwa chikondi pamene iye akuwerenga umboni woti kupita kwake kukukuzunzani. Mwamutsimikizira chimene amaopa chija.

Malumbiro akuluakulu nawonso sathandiza monga timaganizira. "Sindidzayang'ana mkazi wina mpaka imfa" ndi mawu amene aliyense amatha kunena, wokhulupirika ndi wonyenga yemwe, ndipo iye akudziwa zimenezo. Ali kutali, sangathe kuona ngati mukuwasunga. Lonjezo limene limakhazika mtima pansi munthu wakutali ndi limene angathe kuliona likuchitika sabata ndi sabata: tsiku loimbirana foni limene silidumphidwa popanda kuuzana, kumuuza za anthu amene mukucheza nawo asanamve kwa ena, kusabisa pagulu kuti muli ndi munthu. Tchulaninso zaka 4 zija ndi pakamwa panu. Mukangoti "ndidikira" amatha kuganiza kuti simunawerengere bwino kutalika kwake. Mukazitchula, akudziwa kuti mwaziona ndipo mwavomera maso ali poyera.

Ndikanakhala inu ndikanalemba motere, koma musinthe kuti mawuwo amveke anu, chifukwa iye amadziwa kalankhulidwe kanu.

"Wokondedwa wanga, uthenga wako uja ndauwerenga kangapo, ndipo ndikufuna ndikuyankhe mosazungulira. Sindinatope, ndipo sindikufuna kumasulidwa. Tsiku limene unkanyamuka ndinkadziwa kuti ndi zaka 4, osati miyezi 4. Ndinawerengera, ndipo ndinasankha iwe ndikudziwa. Palibe chimene wandilanda popita kusukuluko. Ndinakondwa utapeza mwayiwu ndipo ndikukondwabe.

Ndikulonjeza zinthu zimene ungathe kundigwira nazo. Ndikhala wako wekha, ndipo aliyense wondidziwa adziwa kuti ndili ndi iwe. Lamlungu lililonse madzulo ndi lathu, ndipo ngati china chandigwira ndikuuza nthawi isanakwane. Sindikubisira za amene ndikucheza nawo. Ngati tsiku lina mtima wanga udzalemedwa ndi kudikiraku, udzamva kwa ine, osati kwa munthu wina, ndipo ndidzakuuza kuti tikonze limodzi, osati kuti ndichoke. Choncho ukaona ndili chete usamadzifunse mafunso usiku. Kukhala chete kwanga ndi ntchito kapena netiweki basi.

Iweyo ndikupempha chimodzi. Phunzira ndi mtima wonse. Peza anzako kumeneko, tuluka m'chipindamo, seka. Ukakhala wosangalala uko sindiye kuti wandiiwala, ndipo sindidzakuwerengera ngati mlandu. Sabata imene ntchito yakupanikiza ungondilembera mawu awiri kuti uli bwino, ine ndimva. Anakusankha chifukwa unayenera, ndipo ine amene ndinakuona ukuwerenga usiku ena atagona ndikudziwa kuti uikwanitsa. Ndakusowa, ndimakukonda, ndipo ndili pompano."

Mwina mwadabwa ndi chiganizo chija chonena za tsiku limene mtima udzalemedwa. Ena angati chikufooketsa kalata. Ine ndikuona kuti ndicho msana wake. Zaka 4 sizidutsa popanda mwezi wina woipa, ndipo iye ndi munthu wanzeru, akudziwa. Chimene chimamusowetsa tulo si kuti mungatope kokha ayi, koma kuti mungatope iye osadziwa, n'kumapitiriza kukhulupirira chinthu chimene chinafa kale. Mukamulonjeza kuti adzamva kwa inu, mwamupatsa ufulu wosiya kulondalonda mawu anu onse kufunafuna zizindikiro. Lonjezo limeneli ndi lolemera, ndipo musalilembe ngati simuli wokonzeka kulisunga ngakhale pa tsiku lochititsa manyazi.

Musamupemphe kuti nayenso alumbire m'kalata yomweyi. Mukamaliza ndi mawu oti "nawenso usandichite chipongwe kumeneko", mphatso ija yasanduka ngongole, ndipo zonse zimene mwalemba pamwamba zimveka ngati njira yofikira pa kukayikira kwanu. Nkhawa zanu zili ndi malo ake, mudzazikambe pa foni tsiku lina mitima ili m'malo. Musamuuzenso za atsikana amene akukufunani n'cholinga choti aone kuti mukuwakana. Kwa munthu amene ali yekha m'dziko lachilendo nkhani yotere ndi minga yokhayokha.

Za tsiku loimbirana, pali kanthu kakang'ono kamene kamayambanitsa anthu popanda chifukwa. Dziko la Britain limabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, n'kuwapititsanso patsogolo Lamlungu lomaliza la Malichi. Ngati kumene muli mawotchi sasintha, kusiyana kwa nthawi yanu ndi yake kumasuntha ndi ola kawiri pa chaka. Mugwirizane kuti nthawi yoimbirana muziitchula potengera wotchi ya ndani, kuti wina asadzakhale akudikira foni ola lathunthu mtima ukuwawa. Ndipo musalonjeze kuimba tsiku lililonse chifukwa cha kutentha kwa mtima kwa lero. Kamodzi kapena kawiri pa sabata, kosaphonya, n'kwabwino kuposa tsiku lililonse kwa mwezi umodzi kenako n'kuyamba kuzilala, chifukwa iye adzawerenga kuzilalako ngati kuchepa kwa chikondi ngakhale chili kutopa chabe.

Kudekha kwanu kudzayesedwa kwambiri pa tinthu ta pa foni. Mudzaona kuti anali pa WhatsApp pakati pa usiku koma uthenga wanu sanayankhe. Mudzaona chithunzi ali ndi anzake a kusukulu, ena amuna. Anzanu nawo sadzalephera kukuuzani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pamenepo mudzakumbukire kuti munamuuza nokha kuti apeze anzake. Munthu wotanganidwa ndi munthu amene akuchoka amasiyana, ndipo kusiyanako kumaoneka. Wotanganidwa amachedwa kuyankha koma akabwera amabwera ndi nkhani, amakuuzani mayina a anthu amene ali nawo, amakumbukira zimene munamuuza sabata yatha. Amene akuchoka amatha kuyankha msanga koma mawu ake amakhala opanda kanthu, ndipo moyo wake wa uko simuudziwanso. Muziyeza zimenezo, osati mphindi zimene uthenga wakhala usanayankhidwe.

Pali chinanso chimene ambiri saganizira polonjeza kudikira. Mu 2006 Laura Stafford ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ophunzira a ku yunivesite ku America amene anali pa zibwenzi zotalikirana. Anapeza kuti mwa amene anadzakhalanso pafupi, pafupifupi chibwenzi chimodzi pa zitatu zilizonse chinatha m'miyezi itatu yoyamba atakumananso. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti anthu akatalikirana amasunga m'mutu chithunzi chokongola cha mnzawo, chopanda zofooka, ndipo aliyense amazolowera kudziyendetsera yekha nthawi yake. Ndiye pamene mukulonjeza kudikira, dziwani kuti amene adzabwereyo sadzakhala ndendende amene munamuperekeza. Adzakhala ndi maganizo ena, zizolowezi zina, mwina wolankhula molimba mtima kuposa kale. Inunso mudzakhala mutasintha. Njira yochepetsera kudabwitsana ndi kuuzana zinthu wamba, osati zachikondi zokhazokha: zimene zakukwiyitsani kuntchito, zimene mwalephera, maganizo amene mwasintha. Mufunseni kuti kafukufuku wake akunena chiyani, ndipo mumvetsere mpaka muthe kumufotokozera munthu wina m'mawu anu. Kukangana pang'ono pa foni musakuope, chifukwa anthu amene sakangana zaka 4 nthawi zambiri amakhala akubisirana.

Uthengawo muutumize ngati kalata imodzi yathunthu, osati timawu todukaduka pakati pa macheza ena, kuti azitha kuupeza n'kuuwerenganso tsiku loipa. Ngati mungathe kuulemba pamanja n'kuujambula ndi bwino koposa, kapena muuwerenge ndi mawu anu n'kumutumizira. Sankhani madzulo a ku Glasgow, atamaliza ntchito, osati m'mawa akuthamangira kukakumana ndi mphunzitsi wake. Akachedwa kuyankha kapena akayankha mawu ochepa musakhumudwe, ndipo musamufunse ngati wauwerenga. Lamlungu likakwana, imbani pa nthawi imene mwalonjeza.